Ndemanga ya nyenyezi imodzi ikuuzeni chiganizo choti musinthe

Wogula akalemba kuti "katunduyu ndi wachabechabe, musataye ndalama zanu", mtima umafuna kumuyankha nthawi yomweyo, kapena kutseka foni n'kuiwala. Koma wakutsina khutu ndi mnansi. Nthawi zambiri munthu amene wakwiyayo sakudandaula kuti katundu ndi wowonongeka, akudandaula kuti chimene analandira sichikufanana ndi chimene ankayembekezera. Ndipo chiyembekezocho anachitenga penapake: pa chiganizo china cha m'mawu anu ofotokoza katunduyo, pa chithunzi, kapena pa mfundo imene inu simunaitchule, iye n'kudzaza yekha m'maganizo mwake. Ntchito imene tichite apa ndi yolondola mapazi a dandaulo lililonse mpaka tipeze chiganizo chimene chinalibereka.

Kuti tisangolankhula m'malere, titenge katundu mmodzi, pawabanki ya 10,000 mAh, nambala yosonyeza kuchuluka kwa moto umene batire lake limasunga. Tiyerekeze kuti wogulitsa analemba chonchi:

"Pawabanki yamphamvu kwambiri, 10,000 mAh! Imatchaja mofulumira, imakhalitsa, ndi yopepuka ndipo imagwira ntchito ndi zipangizo zonse. Yapamwamba zedi."

M'mawu amenewa mulibe bodza lenileni lomwe mungaloze ndi chala, n'chifukwa chake mwiniwake saona vuto. Vuto lake ndi loti liwu lililonse likusiyira wowerenga mpata woganiza zimene akufuna.

Choyamba: sonkhanitsani mawu a ogula monga anawanenera

Tengani mafunso ndi madandaulo onse okhudza katundu mmodzi yekhayo, osasakaniza ndi wina. Muwapeza m'ndemanga, m'mauthenga amene anthu amakutumizirani asanagule, pa zifukwa zimene amapereka pobweza katundu, komanso kwa munthu amene amayankha mafoni a makasitomala ngati alipo. Ameneyu amadziwa mafunso obwerezabwereza kuposa wina aliyense, chifukwa ndiye amatopa nawo. Bwererani m'mbuyo miyezi itatu kapena isanu ndi umodzi. Ngati katunduyo anasinthidwa pakatipo, yambirani pa tsiku limene watsopanoyo anafika.

Lembani m'kope kapena m'tebulo la pakompyuta, dandaulo limodzi pamzere wakewake. Kopani mawu enieni a munthuyo, musawakonze. Wina akalemba kuti "imatha moto msanga", musasinthe n'kulemba kuti "vuto la batire", chifukwa mwataya kale chinthu chamtengo wapatali, chomwe ndi mmene ogula amatchulira vutolo. Mawu amenewa tidzawafuna polemba. Dzina la munthu ndi nambala yake musakope, sizikuthandizani chilichonse pa ntchitoyi.

Musangothamangira ndemanga za nyenyezi imodzi zokha. Zambiri mwa izo ndi mkwiyo wokhawokha wopanda mfundo. Za nyenyezi ziwiri ndi zitatu ndiye zimalongosola bwino, chifukwa wolembayo amanena chimene chamusangalatsa kenako n'kuti "koma", ndipo chimene chikubwera pambuyo pa "koma" ameneyo ndiye chuma chanu. Ngati katunduyo ndi watsopano ndipo ndemanga ndi zochepa, werengani madandaulo a ogula pa katundu wofanana naye wa ogulitsa ena. Ogula mapawabanki amadandaula zinthu zofanana kulikonse.

Chachiwiri: gawani milu itatu

Apa ndi pamene anthu ambiri amasokera, ndiye tiyendepo mosathamanga. Si dandaulo lililonse limene mawu angalikonze.

Mulu woyamba ndi wa katundu wowonongekadi: pawabanki inafika yosayaka, inatupa, polowetsa chingwe panathyoka patatha sabata. Izi n'zokakambirana ndi amene amakugulitsani katunduyo, ndipo batire lotupa ndi nkhani ya ngozi, osati ya kalembedwe. Kukongoletsa mawu pa katundu wotere n'kupaka penti khoma loti likugwa. Mulu wachiwiri ndi wa kayendetsedwe ka malonda: katundu anachedwa kufika, bokosi linaphwanyika m'njira, simunayankhe uthenga. Nazonso ziikeni padera. Mulu wachitatu ndiye wathu: katundu akuchita zimene anapangidwira, koma wogula ankayembekezera zina.

Funso lothandiza kusiyanitsa ndi ili: ndikanamutumizira munthuyu ina yatsopano ya mtundu womwewu, akanakhutira? Ngati yankho ndi inde, yake ija inali yowonongeka. Ngati akanadandaulanso chimodzimodzi, vuto lili m'mawu anu.

Madandaulo ena amanyenga. Wina walemba kuti "ndi yakufa, ndikalumikiza mahedifoni anga opanda waya imangozima yokha." Mukangowerenga mwachangu muiponya ku mulu wa zowonongeka. Chikhalirecho mapawabanki ambiri anapangidwa kuti azizima okha akaona kuti chimene chalumikizidwa chikukoka moto wochepa kwambiri, poganiza kuti foni yadzaza. Timahedifoni ndi timawotchi tapamkono timakoka moto wochepa choncho, ndiye pawabanki imazima tisanadzaze. Mukatumiza ina ichitanso zomwezo. Dandaulo limeneli ndi la mulu wachitatu, ndipo chiganizo chimene chinalibereka ndi chija chakuti "imagwira ntchito ndi zipangizo zonse".

Mafunso a anthu amene sanagule nawonso alowe m'mulu wachitatu, koma muwaike chizindikiro. Funso likukuuzani chimene chikusowa m'mawu anu, pamene dandaulo likukuuzani chimene mawu anu analonjeza molakwika. Ndipo kumbukirani kuti wofunsa ndi munthu amene anadzivutitsa kulemba. Alipo ena amene anali ndi funso lomwelo, osapeza yankho, n'kungochoka mwakachetechete. Enanso sanafunse, anangogula. Paja safunsa anadya phula, kungoti phula limeneli akalidya amabwera kudzalavulira pa ndemanga zanu.

Chachitatu: phatikizani zofanana, kenako muone cholemera

Werenganinso mulu wachitatu n'kuphatikiza mizere yonena chinthu chimodzi m'mawu osiyana. "Imatha moto msanga", "si 10,000 yeniyeni" ndi "yangotchaja kamodzi basi" ndi dandaulo limodzi. Tiyerekeze kuti pa mizere 40 yotsala, 14 ikunena zimenezi, 9 ikufunsa kapena kudandaula za kuchedwa kutchaja foni, 7 ikufunsa ngati imatchaja laputopu, 5 ikukhudza chingwe cha m'bokosi, 3 ndi ya timahedifoni tija, ndipo 2 ikudandaula za kulemera.

Kuchuluka kokha sikokwanira. Onaninso kuti ndi dandaulo liti limene limathera pobweza katundu. Nkhani ya laputopu ili pachitatu powerenga, koma munthu amene wagula pawabanki chifukwa cha laputopu n'kupeza kuti siigwira, alibe nayo ntchito ina, aibweza basi. Amene wadandaula za kulemera amang'ung'udza koma amaisunga. Choncho laputopu ikwere pamwamba pa mndandanda, ngakhale oitchula ndi ochepa. Dandaulo lomwe labwera kamodzi kokha lisiyeni pambali mpaka litabweranso, pokhapokha ngati likukhudza ngozi.

Chachinayi: pezani chiganizo cholakwa pa dandaulo lililonse

Ikani mawu anu akale pambali pa mndandandawo, n'kulemba moyang'anizana ndi dandaulo lililonse mawu amene analiyambitsa. Kuchedwa kutchaja kukuchokera pa "mofulumira". Laputopu ndi timahedifoni zikuchokera pa "zipangizo zonse". Kulemera kukuchokera pa "yopepuka". Za chingwe palibe chimene munalemba, ndiye yang'anani zithunzi: mwina chithunzi china chikuonetsa pawabanki italumikizidwa ku foni ndi chingwe chimene m'bokosi mulibe. Chithunzi nachonso chimalonjeza.

Dandaulo lalikulu lija ndi losiyana, chifukwa likuchokera pa nambala yoona. Wogula waona 10,000 mAh, akudziwa kuti batire la foni yake ndi la 5,000 mAh, wagawa m'mutu n'kupeza kuti idzatchaja kawiri. Masamu ake ndi olondola, koma magetsi sayenda choncho. Nambala ya 10,000 mAh imawerengedwa pa mphamvu ya batire la m'kati, yomwe ndi pafupifupi 3.7 V. Kuti motowo utuluke, pawabanki imaukweza kufika pa 5 V kapena kuposa, kenako foni imautsitsanso kuti ulowe m'batire lake. Pa kusintha kuwiri konseku moto wina umatayika ngati kutentha, n'chifukwa chake zonse ziwiri zimafunda zikamatchaja. Umene umafikadi m'batire la foni umakhala pafupifupi magawo awiri mwa atatu. Choncho foni ya 5,000 mAh imadzaza kamodzi n'kutsala pang'ono chabe. Pawabanki si yabodza, ndipo wogula sanalakwe kudabwa. Amene anasiya mpata ndi wogulitsa amene anapereka nambala osanena tanthauzo lake.

Mudzapeza kuti katundu wamtundu uliwonse ali ndi nambala yake yotere, yoona koma yosokoneza. Pa laputopu, mainchesi a sikirini amayezedwa mopingasa kuchokera kona ina kufika kona ina, ndiye chikwama cholembedwa mainchesi omwewo chikhoza kukana laputopu yokhuthala m'mbali. Wogulitsa anazolowera nambalazo mpaka anaiwala kuti wogula amazimva mwina.

Chachisanu: yezani nokha musanalembe liwu lililonse

Gawo ili anthu amalidumpha chifukwa limatenga tsiku limodzi kapena awiri, komatu popanda ilo mungosinthanitsa mawu osamveka ndi manambala ongopeka, zomwe n'zoipa kuposa poyamba. Tsegulani bokosi limodzi ngati mmene wogula angachitire. Lembani zonse zimene zili m'katimo, ndipo chingwecho muchiyeze kutalika ndi kuona mitu yake yonse iwiri. Ikani pawabanki pasikelo. Idzazeni, kenako mutchajire foni imene mukudziwa kukula kwa batire lake, kuyambira itatsala pang'ono kuzima mpaka itadzaza, foniyo isakugwiritsidwa ntchito. Bwerezani mpaka pawabanki ithe, n'kulemba kuti yatchaja kangati ndiponso ulendo uliwonse watenga nthawi yaitali bwanji. Kenako onani maola amene pawabankiyo imatenga kuti idzaze yokha, ndipo mulembe tchaja imene mwagwiritsa ntchito.

Yang'ananinso timalemba ting'onoting'ono ta kumbuyo kwake. Pa mzere wa `Output` mukapeza `5V/2A`, chulukitsani manambala awiriwo, mupeza mawati 10. Mafoni ambiri amakono amalandira mawati 18, 25 kapena kuposa pa tchaja zawo, ndiye munthu wozolowera zimenezo akaona mawati 10 amati ikuchedwa, ndipo sakunama. Liwu lakuti "mofulumira" lichoke. Malaputopu ambiri otchajira pa USB-C amafuna mawati 45 kapena kuposa, ndiye yankho la funso la laputopu ndi ayi, popanda kuzungulira. Mapawabanki ena amakhalanso ndi mzere wa `Rated capacity`, umene umasonyeza moto wotulukadi pa 5 V, ndipo nambala yake imakhala yotsika kuposa ya pabokosi. Ngati ulipo, ukuthandizani kutsimikizira zimene mwayeza.

Zotsatira zikasiyana pa maulendo awiri, lembani yoipirapoyo. Wogula amene mwamuuza maola asanu ndi limodzi n'kupeza asanu sadandaula, koma wouzidwa asanu n'kupeza asanu ndi limodzi amalemba ndemanga.

Chachisanu ndi chimodzi: lembani, moyamba ndi chimene chimabwezetsa katundu

Tsopano tengani mndandanda wanu uja n'kuyankha mfundo iliyonse ndi chiganizo chimodzi kapena ziwiri. Zolemera zikhale pamwamba, chifukwa ambiri amawerengera pafoni ndipo amangoona mizere yoyambirira asanadine kuti aone zotsala. Yankho lobisika pansi penipeni lili ngati kulibe. Gwiritsani ntchito mawu a ogula aja. Iwo sanafunse za "mphamvu yotuluka", anafunsa kuti "imatchaja kangati", ndiye inunso nenani choncho. Tiyerekeze kuti mwayeza n'kupeza manambala ali m'munsiwa. Mawu atsopano angakhale otere:

"Pawabanki ya 10,000 mAh yotchajira mafoni. Imatchaja kangati? Foni ya batire la 5,000 mAh imadzaza kamodzi n'kutsala moto wowonjezera pang'ono. Foni ya 3,000 mAh imadzaza pafupifupi kawiri. Siifika kawiri pa foni yaikulu chifukwa moto wina umatayika posamuka kuchoka m'pawabanki kupita m'foni, ndipo mapawabanki onse amatero.

Siitchaja laputopu. Imatulutsa mawati 10, liwiro la tchaja wamba, ndiye ngati foni yanu ili ndi tchaja yofulumira, iyi ichedwerapo. Ndi yabwino kusiya foni ikutchaja m'chikwama muli paulendo kapena magetsi akazima, osati kudzaza foni m'mphindi zochepa.

Yokha imadzaza m'maola pafupifupi 6 ndi tchaja ya mawati 10. M'bokosi muli pawabanki ndi chingwe chimodzi cha masentimita 30, cha USB-A kupita ku USB-C. Mutu wa tchaja wolowetsa kukhoma mulibe, ndipo mafoni a Lightning kapena micro-USB afunika chingwe chawo. Imalemera magalamu 220, ngati foni yaikulu. Ikhoza kuzima yokha mukalumikiza tizipangizo tokoka moto wochepa monga mahedifoni opanda waya."

Onani zimene zachitika. "Yopepuka" yasanduka magalamu 220 ndi chinthu chimene munthu amadziwa kulemera kwake m'manja. "Zipangizo zonse" yasanduka mafoni, ndipo zimene siichita zatchulidwa ndi maina. "Yapamwamba zedi" yangochoka, chifukwa palibe funso limene inkayankha.

Ogulitsa ambiri amaopa chiganizo chakuti "siitchaja laputopu", amati chithamangitsa makasitomala. Chithamangitsadi, koma amene chikuwathamangitsawo ndi omwe aja akanagula, n'kubweza, n'kukusiyirani nyenyezi imodzi yoti aliyense aziiona. Chofunika n'kuti malire aliwonse muwatchule pamodzi ndi ntchito imene katunduyo amaichita bwino, monga tachitira ndi kuchedwa kutchaja. Mukangondandalika zofooka zokhazokha, mawu anu amamveka ngati chenjezo la pa botolo la mankhwala, ndipo ngakhale munthu amene pawabankiyo ikanamuyenera amathawa. Kuti mupeze zabwino zoyenera kutchula, pitani ku ndemanga za nyenyezi zinayi ndi zisanu muone chimene okhutirawo amaigwiritsira ntchito. Ngati ambiri akunena za maulendo, nenani za maulendo.

Pali zinthu ziwiri zoti mupewe polemba. China ndi kukangana ndi odandaula m'kati mwa mawu ofotokoza katundu, monga kulemba kuti "ena akuti ndi yabodza koma si zoona". Wowerenga watsopano sanamve mkanganowo, ndipo inu ndi amene mwamuuza kuti ulipo. Perekani mfundo yokha. China ndi kusandutsa mawuwo mndandanda wautali wa mafunso ndi mayankho makumi awiri. Mfundo zisanu kapena zisanu ndi imodzi zolemera zilowe m'mawu enieniwo, tina ndi tina tipite m'munsi.

Musaiwale mutu wa katundu ndi zithunzi. Ngati mutu ukadali ndi liwu lakuti "yofulumira", zonse mwalembazi zapita pachabe, chifukwa mutu ndi umene aliyense amawerenga. Chithunzi chokhala ndi laputopu kumbuyo chichotseni. Onjezani chimodzi choonetsa zonse za m'bokosi zitayalidwa, ndi china choonetsa pawabanki ili m'dzanja kapena pambali pa foni kuti kukula kwake kuoneke.

Chomaliza: yesani pa munthu, kenako dikirani manambala

Musanaike mawu atsopanowo, apatseni munthu amene sakuidziwa pawabankiyo, awerenge kamodzi pafoni. Mukatero mufunseni mafunso anayi oyambirira a pamndandanda wanu: imatchaja kangati foni yako, itchaja laputopu, ndi yofulumira, m'bokosi muli chiyani? Musamuthandize. Pamene wazengereza kapena kuyankha molakwa, chiganizocho sichinakonzeke, ngakhale kwa inu chikumveka bwino.

Lembani tsiku limene mwasintha ndipo musunge mawu akale. Pa masabata anayi kapena asanu ndi limodzi otsatira, musasinthe mtengo kapena kuyambitsa zotsatsa zatsopano ngati n'kotheka, chifukwa mukasintha zinthu zingapo nthawi imodzi simungadziwe chimene chathandiza. Pitirizani kulemba mafunso ndi madandaulo m'tebulo lomwe lija. Chiwerengero cha nyenyezi musachidalire msanga, popeza ndemanga zakale zikadalipo ndipo zimachikokera pansi kwa nthawi yaitali. Samalaninso ndi ndemanga zimene zikufika masabata oyambirira, zambiri ndi za anthu amene anagula mawu akale adakalipo, ndiye yang'anani tsiku limene anagula, osati tsiku limene analemba.

Chizindikiro chofulumira ndi mafunso. Funso la laputopu likasiya kubwera, chiganizocho chagwira ntchito. Likamabwerabe, ndiye kuti anthu sakuliona yankho, likwezeni pamwamba kapena mulilembe pachithunzi. Pa zobwezedwa, yerekezani ndi kuchuluka kwa zogulitsidwa, mwachitsanzo zingati pa 100 zilizonse, chifukwa malonda akatsika zobwezedwa zimatsikanso zokha ngakhale musanakonze kanthu.

Ndipo pali nthawi imene mawu amafika pamapeto pa mphamvu zawo. Ngati mwalemba momveka kuti imatulutsa mawati 10, mafunso a liwiro atha, koma malonda atsika kwambiri osabwereranso, ogula akukuuzani kuti akufuna pawabanki yofulumira. Pamenepo tebulo lanu lija litengereni kwa amene amakugulitsani katundu, mukafunse ya mawati 18 kapena 20, ndipo ikafika muiyezenso kuyambira pa bokosi.